Ndakatulo ikamatsimphina, mankhwala ake ali m'khutu

Ndakatulo zachuluka m'dziko muno. Pa wailesi zilipo, pa ukwati ndi pa chinkhoswe zilipo, pamaliro ndi pamisonkhano ya chitukuko nazonso sizisowa. Achinyamata ambiri amene kale akadathamangira kukagwira gitala lero akugwira cholembera n'kumadzitcha alakatuli. Izi n'zokondweretsa ndithu, koma pali nthenda imodzi imene yafala pakati pawo, ndipo nthendayi ndi mizere yotsimphina.

Aliyense amene amamvera ndakatulo amaidziwa nthendayi ngakhale sangaitchule dzina. Mlakatuli amayamba bwino, mizere iwiri yoyamba n'kuyenda myaa, omvera n'kuyamba kugwedeza mitu. Mwadzidzidzi pa mzere wachitatu lilime limayamba kuthamanga ngati likuthawa galu, mpweya n'kuthera panjira, mawu ofunika n'kumezedwa. Pofika pa mzere wachinayi omvera amakhala atataya kale chingwe. Pa ukwati izi zimangoseketsa, koma pamaliro zimawawa, chifukwa mawu amene akumezedwawo mwina ndi amene amayenera kutonthoza ofedwa.

Alakatuli ena akaona vutoli amathamangira kuwerenga maphatikizo kuti mzere uliwonse ukhale ndi chiwerengero chofanana. Ena amati ndakatulo ndi ufulu, choncho munthu alembe momwe mtima wamuuzira. Magulu onse awiriwa akuphonya. Chofunika n'chakuti mlakatuli aphunzire kumva malo amene liwu limatsamira mumzere, kenaka akonze okhawo malo amene apunduka. Ntchito imeneyi safuna muyezo wokhwima ngati wa ndakatulo zakale za Chingerezi, ndipo aliyense amene ali ndi khutu angathe kuichita.

Liwu la Chichewa limatsamira pati?

Munthu akanena mawu oti “nyumba” payekha, kapena kumapeto kwa chiganizo, samanena maphatikizo awiriwo mofanana. Loyambalo limatalika, mawuwo n'kumveka ngati “nyuumba”. Akati “chimanga” zimamveka “chimaanga”, akati “kumudzi” zimamveka “kumuudzi”. Nthawi zonse phatikizo limene limakokedwa ndi lachiwiri kuchokera kumapeto. Mchewa aliyense amachita izi osaganizira n'komwe, ndipo mlendo amene akuphunzira Chichewa amadziwika msanga akakoka phatikizo lolakwika.

Akatswiri a chiyankhulo adazifufuza kale zimenezi. Jonni Kanerva adafotokoza m'buku lake la mu 1990 kuti kutalika kumeneku kumachitika kumapeto kwa kagulu ka mawu onenedwa pamodzi, ndipo Laura Downing ndi Pulofesa Al Mtenje adazitambasulanso m'buku lawo la kamvekedwe ka Chichewa limene lidatuluka mu 2017. Mfundo yofunika kwa mlakatuli ili pa mawu oti “kagulu”. Si mawu aliwonse mumzere amene amakokedwa mokwanira. Munthu akati “nyumba ya agogo” sakoka “nyumba” ngati mmene amachitira akaitchula payokha. Amadutsa msanga n'kukatsamira pa “agoogo”. Apa ndiye pagona nkhani yonse: mzere wa ndakatulo ya Chichewa umagunda pamalo pamene liwu likufuna kupuma, ndipo kugundako kumagwera pa phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto kwa kaguluko.

Pali chinthu china chimene chimasokoneza anthu, ndicho kukwera ndi kutsika kwa liwu. Mtengo wa mango ndi mtengo wa sopo amalembedwa chimodzimodzi, koma woyamba liwu limakwera pakati pomwe wachiwiri limakhala pansi. Kukwera kumeneku kumasiyanitsa matanthauzo, ndipo kumasiyana pang'ono malinga ndi dera limene munthu adakulira. Kutsamira kumene kukukambidwa pano ndi nkhani ya kutalika. Mitengo yonse iwiriyo ikafika kumapeto kwa chiganizo imakokedwa pa “te”. Mlakatuli amene akufufuza kayendedwe ka mzere ayambe wamvetsera kutalikako, chifukwa ndiko kumene kumadya nthawi ndi mpweya.

Muyezo wa Chingerezi sukwana pano

Amene adaphunzira ndakatulo za Chingerezi ku sekondale amakumbukira kuti mizere yambiri ya William Shakespeare ili ndi maphatikizo 10, oyenda awiriawiri, lopepuka patsogolo lolemera pambuyo, kasanu. Muyezo umenewu umayenda bwino m'Chingerezi chifukwa chiyankhulocho chili ndi mawu ambiri afupiafupi, ndipo mawu aliwonse akuluakulu ali ndi phatikizo lake lolemera.

Chichewa sichidapangidwe choncho. Mawu amodzi oti “sindidzakuiwalaninso” ali ndi maphatikizo 9, pafupifupi mzere wathunthu wa Shakespeare, koma potsamira ndi pamodzi pokha, pa “ni”. Wofuna kuti mawu amenewa agunde kanayi kapena kasanu ayenera kuwapotoza mpaka asiye kumveka Chichewa. Komanso muyezo wa Shakespeare umathera pa phatikizo lolemera, pomwe mawu a Chichewa amathera pa lopepuka. Kuukakamiza kuli ngati kuveka nsapato ya kumanja ku phazi la kumanzere.

Ngakhale Angerezi eni ake si onse amene adakhutira ndi muyezowo. Wansembe wina wolemba ndakatulo, Gerard Manley Hopkins, amene adamwalira mu 1889, ankawerenga maphatikizo olemera okha mumzere, opepukawo n'kuwalola kuti achuluke kapena achepe. Ndakatulo zake zidasindikizidwa pamodzi mu 1918, iye atapita kale. Koma Mmalawi safunika kupita kutali choncho kuti amvetse nzeru imeneyi. Amayi awiri akamasinja pa mtondo, misi imagwa pa nthawi yake, osafulumira osachedwa. Mawu amene akuimba pakati pa kugwa kwa munsi ndi kugwa kwa unzake nthawi zina amakhala ochepa, nthawi zina ochuluka, koma palibe amene amaona kuti nyimbo yapunduka. Imapunduka pokhapokha wina akalowetsa mawu ochuluka kwambiri moti munsi n'kuyamba kudikira pakamwa.

Kuwerenga maphatikizo kokha kumanamiza

Nayi mizere iwiri yopekera nkhani ino:

*Bwera, khala, idya, imwa, gona.*
*Sadzabweranso kumudzi kuno.*

Mzere uliwonse uli ndi maphatikizo 10. Wowerenga ndi zala anganene kuti ndi mapasa. Koma khutu likukana. Woyamba ukugunda kasanu, pa “bweera”, “khaala”, “iidya”, “iimwa” ndi “goona”, ndipo ukuyenda ngati msilikali pa perete. Wachiwiri munthu amaunena ndi mpweya umodzi n'kukatsamira kumapeto pa “kuuno”. Woyamba umatenga nthawi yaitali kuunena kusiyana ndi wachiwiri ngakhale chiwerengero chili chimodzi. Mlakatuli amene waika mizere yotere moyandikana, akudzitama kuti yafanana, adzadabwa kuona omvera akukwinya nkhope.

Chofunika kuwerenga choyamba ndi malo otsamira. Chachiwiri ndi mtunda umene lilime likuyenda lisanafike pa malo otsamirawo. Maphatikizo amawerengedwa pofuna kudziwa mtunda umenewu basi. Powerenga, mlakatuli akumbukire kuti “m” wa m'mawu ngati “mtengo”, “mlamu” ndi “m'mawa” amaima payekha, choncho mawu aliwonse mwa atatuwa ali ndi maphatikizo atatu.

Kukonza ndime imodzi

Nayi ndime ya mtundu umene umamveka kawirikawiri, yonena za mlimi m'nyengo ya dzinja:

*Mvula yagwa, chimanga chamera,*
*Khasu lagona, mwini kulibe,*
*Chifukwa chakuti wakhala akudikirira feteleza kuyambira m'mawa,*
*Dzuwa lalowa, wabwera chimanjamanja.*

Choyamba n'kuiwerenga mokweza, pa liwiro limene munthu amayankhulira ndi mnzake pakhonde, osati liwu lija la pa nsanja lokokakoka. Liwu la pa nsanja limabisa zilema. Powerengapo dzanja lizimenya pa ntchafu kapena pa tebulo paliponse pamene liwu latsamira kwambiri, ndipo cholembera chiike kachizindikiro pamalopo.

Mzere woyamba dzanja limenya kawiri, pa “yaagwa” ndi pa “chameera”. Wachiwiri kawiri, pa “lagoona” ndi pa “kuliibe”. Wachinayi kawirinso, pa “laloowa” ndi pa “chimanjamaanja”. Khutu la womvera likamva mizere iwiri yoyamba limaphunzira kale kayendedwe ka ndimeyi ndipo limayembekezera kuti mzere uliwonse ubwera ndi zigawo ziwiri. Mzere wachitatu ukuswa lonjezo limeneli. Dzanja limakhala m'mwamba kudikira mpaka pa “m'maawa”, kapena wowerenga amapuma paliponse pamene mpweya wamuthera, lero pa “chakuti”, mawa pa “feteleza”.

Chachiwiri n'kuyeza mtunda. Mzere woyamba zigawo zake zili ndi maphatikizo 4 ndi 6. Wachiwiri 5 ndi 5. Wachinayi 5 ndi 8. Wachitatu uli ndi maphatikizo 26 opanda popumira podziwika. Palibe lamulo lonena kuti chigawo chisapitirire maphatikizo angati, koma chigawo chimodzi chikaposa zinzake katatu kapena kanayi monga zilili apa, lilime liyenera kuthamanga kuti libweze nthawi, ndipo kuthamangako ndi kumene omvera amakumva ngati kutsimphina.

Chachitatu n'kufufuza chimene chatupitsa mzerewo. Kawirikawiri ndi mawu olumikiza. “Chifukwa chakuti” akudya maphatikizo 6 koma sakuonetsa chithunzi chilichonse. M'kalata ya ku ofesi mawuwa ndi ofunika, koma mu ndakatulo womvera amalumikiza yekha: akamva kuti mwini khasu kulibe, kenaka n'kumva za feteleza, wadziwa kale chifukwa chake. “Wakhala akudikirira” akudya maphatikizo 9 pomwe “kudikira” ali ndi 4. “Kuyambira m'mawa” ali ndi 7, ndipo popeza mzere wotsatira ukunena za kulowa kwa dzuwa, “tsiku lonse” akukwanira ndi maphatikizo 4 okha.

Mlakatuli akhoza kuyesa kaye motere: *Wadikira feteleza, m'mawa mpaka madzulo.* Apa malo otsamira abwerera pa awiri, ndipo mzere wayamba kupumika. Koma zigawo zake, 8 ndi 9, zonse ndi zolemera kuposa za mizere yapamwamba, komanso “madzulo” akulanda ntchito ya “dzuwa lalowa”. Kuyesanso kachiwiri kukubala izi:

*Mvula yagwa, chimanga chamera,*
*Khasu lagona, mwini kulibe,*
*Tsiku lonse, kudikira feteleza,*
*Dzuwa lalowa, wabwera chimanjamanja.*

Tsopano mizere ili ndi maphatikizo 10, 10, 12 ndi 13. Siyofanana, ndipo palibe chifukwa choifananitsira. Chimene chafanana ndi kugunda, kawiri pa mzere uliwonse. Pachitikanso chinthu china chabwino. Mizere iwiri yomaliza yonse ikuyamba ndi chigawo chachifupi n'kuthera ndi cha maphatikizo 8, motero ikuyankhana, ndipo kutalika kwakeko kukugwirizana ndi nkhani yake ya kudikira ndi kutopa. Wokonda kuwerenga ndi zala akadadula “chimanjamanja” kuti apeze 10, n'kutaya mawu okoma kwambiri m'ndime yonseyo.

Msampha wa mathero ofanana

Mizere yambiri yotsimphina imabadwa chifukwa chofuna kuti mathero a mizere amveke mofanana. Mlakatuli amapeza kaye mawu omaliza, kenaka n'kumanga msewu wautali wokafikira pa mawuwo. Nachi chitsanzo:

*Mlamu wanga, usachoke,*
*Ngakhale anthu onse a m'mudzi muno atakunena kuti ndiwe wosauka usafooke.*

“Usachoke” ndi “usafooke” akugwirizana bwino, poti onse akutsamira pa “o” n'kuthera pa “ke”. Koma mzere woyamba uli ndi maphatikizo 9 pomwe wachiwiri uli ndi 31. Pofika pa “usafooke” khutu laiwala kale “usachoke”, choncho ngakhale kufanana kumene mlakatuli amakuvutikirako sikukumveka. Mapanga awiri avumbwitsa: wafuna kunena zonse mumzere umodzi komanso kugwira mathero, ndipo waphonya zonse ziwiri.

Mankhwala ake ndi omwe aja. Mzere woyamba ukugunda kawiri, ndiye wachiwiri ugundenso kawiri: *Anthu akunene, usafooke.* Zigawo zake ndi 6 ndi 5, zoyandikana ndi 5 ndi 4 za mzere wapamwamba. Nkhani ya kusauka isataike, ingopatsidwa mzere wakewake pansi pake. Nthawi zambiri mzere wotupa umakhala mizere iwiri kapena itatu imene yapanikizidwa m'thumba limodzi.

Podula mzere wautali pafunikanso kusamala. Kumapeto kwa mzere wowerenga amapuma, ndipo akapuma amatsamira pa mawu amene ali pamenepo. Mzere ukathera pa “kuti”, wowerenga adzanena “kuuti”, n'kupereka ulemu wonse kwa mawu opanda katundu. Mzere uthere pa dzina kapena mneni amene mlakatuli akufuna kuti atsale m'mutu mwa womvera.

Palinso chizolowezi china chimene chimamveka mwa olakatula ena, chokoka phatikizo lomaliza la mzere uliwonse pofuna kuonetsa kuti mathero afanana. M'Chichewa phatikizo lomaliza limakwezedwa kapena kukokedwa munthu akamaitana mnzake ali patali, kapenanso pofunsa. Likakokedwa pa mzere uliwonse, ndakatulo yonse imamveka ngati munthu akuitana ana kudambo. Ndipo popeza aneni ambiri a Chichewa amathera ndi “a”, kufananitsa lembo lomaliza lokha si luso lalikulu. Khutu limamva kufanana kuyambira pa phatikizo lotsamirapo. N'chifukwa chake “gona” ndi “ona” amamveka apachibale pomwe “gona” ndi “pita” samveka choncho.

Zida zimene Chichewa chidapereka kale

Kudula si njira yokhayo. Nthawi zina mzere umakhala ndi kugunda kumodzi pamene anzake ali ndi kuwiri, ndipo mawu ake onse ndi ofunika. Apa kusintha dongosolo la mawu kumathandiza. “Agogo asenza nkhuni” munthu akhoza kuunena ndi mpweya umodzi. Koma “Nkhuni, azisenza agogo” uli ndi malo awiri otsamira osakayikitsa, pa “nkhuuni” ndi pa “agoogo”. Kaphatikizo ka “zi” kamene kalowa m'mneni ndi kamene kalola kuti nkhuni zitsogole popanda kusokoneza tanthauzo. Mlakatuli angoonetsetsa kuti kutembenuzako kukumveka ngati mmene anthu amayankhulira, chifukwa kumasinthanso chimene chikutsindikidwa: tsopano funso lakhala lakuti akusenza nkhunizo ndani.

Chida chachiwiri ndi timawu tomata kumapeto. “Nyumba” akamatidwa “yo” amasanduka “nyumbaayo”, kutsamira n'kusamuka kuchoka pa “nyu” kupita pa “mba”. “Bwera” amasanduka “bweraanso” kapena “bweraani”. Chigawo chikaperewera phatikizo limodzi, timawu totere timachidzaza popanda kubweretsa mawu atsopano. Koma tili ndi matanthauzo ake. “Nso” amanena kubwereza, “yo” amaloza chinthu chodziwika kale. Womata “tu” ndi “di” paliponse kuti angodzaza mpata amagwidwa msanga ndi omvera.

Chida chachitatu ndi mvekero. Mawu ngati “zii”, “phee” ndi “gwa” satsatira lamulo lija la phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto. Mphamvu yawo yonse imagwera pomwepo. Mzere woti *Mudzi wonse uli zii* umatseka ndi kugunda kolemera, kosiyana ndi mizere ina yonse imene imathera mopepuka. Ichi n'chifukwa chake mvekero umakhala bwino kumapeto kwa ndime, pamene mlakatuli akufuna kuti anthu akhale chete kwa kamphindi. Ukaikidwa pa mzere uliwonse umatha mphamvu, monga mchere wochuluka umaonongera ndiwo.

Zimene otsutsa amanena

Alipo amene anganene kuti mlakatuli waluso amatha kunyamula mzere uliwonse ndi liwu lake, ngakhale wa maphatikizo 31. N'zoona. Mwini ndakatulo amadziwa pothamanga ndi popuma chifukwa adaiyeserera kambirimbiri. Koma ndakatulo ikasindikizidwa m'nyuzi kapena m'buku, mwini wakeyo sapita nayo. Imakawerengedwa ndi mwana wa Fomu 2 kutsogolo kwa kalasi, kapena ndi muulutsi amene waiona koyamba m'mawa womwewo. Ngati kayendedwe kake kali m'kamwa mwa mlembi yekha, ndakatuloyo imafa ikangosiyana naye. Mpatuliro, mpumiro ndi podulira mzere ndi njira zokhazo zimene mlembi ali nazo zouzira mlendo popumira.

Ena anganene kuti mizere ikamagunda mofanana nthawi zonse ndakatulo imagonetsa tulo. Apanso akunena zoona, ndipo ichi ndicho chifukwa chake muyezo wokhwima si yankho. Mzere wautali wothamanga uli ndi malo ake. Ndakatulo yonena za munthu wothawa madzi osefukira ikhoza kufuna mzere umene wowerenga athere nawo mpweya. Mzere wa mawu amodzi pakati pa mizere yaitali ukhoza kugwa ngati mwala m'chitsime. Kusiyana kwa mzere wotere ndi wotsimphina kumadziwika ndi funso limodzi: kodi pamalo pamene kayendedwe kasinthira, nkhani nayonso yasintha? Mu ndime ya mlimi ija mzere wautaliwo umanena za kudikira, chinthu chochedwa, koma umakakamiza lilime kuthamanga. Liwu ndi nkhani zimakokerana kosiyana. Komanso kuswa kayendedwe kumamveka pokhapokha kayendedweko katakhazikika kaye m'mizere ingapo. Ndakatulo imene mzere uliwonse ukuyenda mwawokha ilibe choti iswe.

Palinso malire amene ayenera kunenedwa. Anthu awiri akhoza kumenya dzanja mosiyana pa mzere umodzi. Wina anena “Mvula yagwa” ndi mpweya umodzi, wina atsamira pang'ono pa “mvuula” pofuna kutsindika. Zimenezi si vuto malinga ngati wowerengayo akuchita chimodzimodzi pa mizere yonse, chifukwa “Khasu lagona” ndi “Dzuwa lalowa” idamangidwa mofanana ndipo idzasintha limodzi. Vuto limakhala pa mzere umene anthu atatu akuuwerenga m'njira zitatu, aliyense akupunthwa pake. Njirayi ndi ya ndakatulo yolakatulidwa. Mawu a nyimbo ali ndi mfumu ina, poti kumeneko maimbidwe amatha kukoka phatikizo lililonse.

Mayeso atatu osalira ndalama

Mlakatuli akamaliza kukonza, ayese kaye kung'ung'udza ndime yonse pakamwa potseka, mawu osatuluka. Tanthauzo likachoka pamatsala kayendedwe kokha, ndipo mzere wotupa umaonekera poyera chifukwa kung'ung'udzako kumasanduka phokoso losalongosoka.

Kenaka adzijambule mawu pa foni n'kumvera tsiku lotsatira. Powerenga, ubongo umathandiza lilime kudumpha maenje amene ukuwadziwa kale. Pomvera, munthu amakhala ngati mlendo pa ntchito yake yomwe.

Mayeso aakulu ndi kupereka pepalalo kwa munthu amene sadaionepo ndakatuloyo, kaya ndi mng'ono wake kaya mnzake wa kuntchito, kuti aiwerenge mokweza popanda kumuuza kalikonse. Mlembi akhale chete ndi cholembera m'manja. Paliponse pamene wowerengayo wabwereza, wapuma pakati pa mawu oyenera kuyendera limodzi, kapena wameza phatikizo, pakhale kachizindikiro. Chiyeso chimene chimabwera apa n'chofuna kumukonza kuti “ayi, apo umayenera kuwerenga chonchi”. Mlembi akangotero mayeso aonongeka, chifukwa wolakwa si wowerenga koma mzerewo.

Aphunzitsi a Chichewa nawonso ali ndi gawo lawo. Ana amaphunzitsidwa kutchula mutu wa ndakatulo, woyankhula ndi phunziro lake, zomwe zimafunika pa mayeso. Mphindi zisanu zowerenga ndime mokweza, kalasi yonse ikuomba m'manja pamene liwu latsamira, zingawapatse chinthu chimene adzachigwiritse ntchito tsiku limene adzapemphedwe kulakatula pa ukwati wa mlongo wawo. Akonzi a masamba a ndakatulo ndi aulutsi amene amalandira zolemba za achinyamata angathandizenso pobweza ndakatulo ndi mawu achindunji, monga akuti mzere wachitatu uli ndi popumira pamodzi pomwe inzake ili ndi pawiri, m'malo mongonena kuti “siyikukoma”. Wachinyamata wouzidwa choncho amadziwa poyambira, ndipo ndakatulo yake yotsatira imabwera itawongoka.